Matirikisi Yosapotoza Chinthu: Umboni Uli m'Mizati Yake

Chithunzi cha njinga chikazungulitsidwa pa foni kapena pa kompyuta, gudumu lake limakhalabe lozungulira. Silisanduka dzira, masipoko ake satalika mbali imodzi, ndipo chishalo sichisendera kufupi ndi mahandulo. Ambirife sitidabwa nazo, chifukwa njinga yeniyeni ukaigoneka pansi sisintha msinkhu. Koma makina alibe njinga m'kati mwake. Ali ndi manambala okha osonyeza pamene kadontho kalikonse kali, ndipo kuti azungulitse chithunzi amachulukitsa manambalawo ndi ena n'kuwaphatikiza. Kuchulukitsa kwamtunduwu nthawi zambiri kumakoka, kufinya kapena kupendeketsa chinthu. Pali gulu limodzi lokha la mamatirikisi lomwe limasiya utali uliwonse ndi ngodya iliyonse mmene zinalili, ndipo akatswiri a masamu amalitcha gulu la mamatirikisi a othogonali. Chosangalatsa n'chakuti munthu angathe kuzindikira matirikisi yotere ndi pensulo ndi pepala, pongoyang'ana mizati yake.

Mzati umanena kumene muvi wafikira

Matirikisi ndi manambala oyalidwa m'mizere yopingasa ndi mizere yotsika. Mizere yotsikayo tiitcha mizati. Dzina lakuti matirikisi analiyambitsa James Joseph Sylvester mu 1850, ndipo mnzake Arthur Cayley anayala malamulo owerengera nawo mu 1858. Amene anafika ku sekondale amakumbukira kuchulukitsa mzere ndi mzati, koma si onse amene anauzidwa tanthauzo la mzati pawokha, pamene nkhani yonse yagona pomwepo.

Jambulani pa pepala mizere iwiri yodutsana, wina wopingasa wina wokwera. Malo alionse pa pepalapo angatchulidwe ndi manambala awiri. Mwachitsanzo (5, 2) ndiko kuti mapazi 5 kupita kumanja ndi mapazi 2 kupita m'mwamba. Muvi wochokera pamphambano ya mizere ija kukafika pamalowo umatchedwa vekita. Pa mavekita onse pali awiri amene ali maziko: (1, 0), phazi limodzi kumanja, ndi (0, 1), phazi limodzi m'mwamba. Vekita ina iliyonse imamangidwa ndi awiriwa. Ya (5, 2) ija ndi mivi isanu ya mtundu woyamba kuphatikiza mivi iwiri ya mtundu wachiwiri.

Tsopano tengani matirikisi iyi, imene tiitche Q:

```
Q = | 0.6  -0.8 |
    | 0.8   0.6 |
```

Mukaichulukitsa ndi (1, 0) mupeza (0.6, 0.8), womwe ndi mzati woyamba. Mukaichulukitsa ndi (0, 1) mupeza (-0.8, 0.6), mzati wachiwiri. Choncho mzati uliwonse ukunena kumene muvi wa maziko wakafikira matirikisi itagwira ntchito yake. Ndipo popeza vekita iliyonse imamangidwa ndi mivi iwiri ija, kumene (x, y) ikafikire n'kosavuta kudziwa: tengani mzati woyamba maulendo x, muphatikize ndi mzati wachiwiri maulendo y. Amene wadziwa mizati wadziwa zonse zimene matirikisiyo ingachite.

Mayeso awiri

Mivi ya maziko ija ili ndi makhalidwe awiri. Uliwonse ndi wotalika 1, ndipo iwiriyo imakumana pa ngodya ya madigiri 90, imene amisiri omanga nyumba amaitcha sikweya. Matirikisi ya othogonali ndi imene ili ndi mizere yochuluka mofanana ndi mizati, ndipo mizati yake yasunga makhalidwe awiri omwewa: mzati uliwonse ndi wotalika 1, ndipo mizati iwiri iliyonse imakumana pa sikweya.

Utali timaupeza ndi lamulo la Pythagoras. Chulukitsani nambala iliyonse ndi iyo yomwe, phatikizani zotsatirazo, kenaka pezani sikweya ruti. Pa mzati woyamba wa Q, 0.6 × 0.6 ndi 0.36, pamene 0.8 × 0.8 ndi 0.64. Kuphatikiza tipeza 1, ndipo sikweya ruti ya 1 ndi 1 yemweyo. Mzati wachiwiri uli ndi manambala omwewo, ndipo chizindikiro chochotsera chimatha nambala ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, motero nawonso ndi wotalika 1. Manambala 0.6 ndi 0.8 sanangotoledwa. Ndi 3 ndi 4 atagawidwa ndi 5, kuchokera ku makona atatu a 3, 4 ndi 5 amene mmisiri amayeza ndi chingwe akamakhazikitsa ngodya ya maziko a nyumba.

Sikweya timaiyesa ndi chowerengera chotchedwa doti. Kuti mupeze doti ya mavekita awiri, chulukitsani nambala yoyamba ndi yoyamba inzake, yachiwiri ndi yachiwiri inzake, n'kuphatikiza. Doti ikakhala 0, mavekitawo akumana pa sikweya. Pa mizati ya Q, 0.6 × (-0.8) ndi -0.48, pamene 0.8 × 0.6 ndi 0.48, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa zikupereka 0. Q yakhoza mayeso onse awiri. Onaninso kuti doti ya vekita ndi iyo yomwe ndi utali wake wochulukitsidwa ndi iwo womwe, choncho mayeso onse awiriwa amachitika ndi chida chimodzi.

Tiione ikugwira ntchito

Tengani makona atatu amene nsonga zake zili pa (0, 0), (5, 0) ndi (5, 5). Mbali yapansi ndi yotalika 5, mbali yoimirira ndi yotalika 5, ndipo mbali yopendekeka ndi sikweya ruti ya 50, pang'ono kupitirira 7. Ngodya ya pamphambano ndi madigiri 45.

Q ikutumiza (5, 0) ku mzati woyamba maulendo asanu, ndiko kuti (3, 4). Utali wa (3, 4) ndi sikweya ruti ya 9 + 16, womwe ndi 5, monga kale. Nsonga ya (5, 5) ikupita ku (3, 4) kuphatikiza mzati wachiwiri maulendo asanu, womwe ndi (-4, 3), ndipo zonse pamodzi ndi (-1, 7). Manambala asinthiratu, moti munthu sangaganize kuti (5, 5) ndi (-1, 7) zili pachibale. Koma 1 + 49 ndi 50, chimodzimodzi 25 + 25. Mbali yachitatu, yochokera pa (3, 4) kukafika pa (-1, 7), ndi (-4, 3), ndipo utali wake ndi 5. Mbali zonse zitatu zatuluka zamphumphu. Makona atatuwo angozungulira pa mphambano ndi madigiri pafupifupi 53.

Chifukwa chake utali susintha

Chitsanzo chimodzi si umboni, choncho tione chifukwa chenicheni. Mzati woyamba tiutche a, wachiwiri tiutche b. Vekita (x, y) ikupita ku xa + yb. Tikapeza doti ya vekita yatsopanoyi ndi iyo yomwe, n'kumasula mabulaketi monga timachitira mu alijebura, tipeza zigawo zitatu:

```
x²(a·a) + 2xy(a·b) + y²(b·b)
```

Chigawo choyamba chikudalira utali wa a, chomaliza chikudalira utali wa b, ndipo chapakati chikudalira ngodya ya pakati pa a ndi b. Ngati mizati ndi yotalika 1, a·a ndi b·b zonse ndi 1. Ngati ikumana pa sikweya, a·b ndi 0, ndipo chigawo chapakati chonse chikufafanizika. Chotsala ndi x² + y², chomwe ndi chimene tinali nacho matirikisi isanakhudze vekitayo. Apa mpamene pakuoneka ntchito ya mayeso aliwonse: oyamba akuletsa kukoka ndi kufinya, achiwiri akuchotsa chigawo chapakati chimene chikanasokoneza.

Nkhaniyi imayendanso chobwerera. Ngati matirikisi isunga utali wa vekita iliyonse, iyenera kusunga utali wa (1, 0) ndi wa (0, 1), choncho mizati yake ndi yotalika 1. Iyeneranso kusunga utali wa (1, 1), ndipo kuika x = 1 ndi y = 1 m'zigawo zitatu zija kukupereka 1 + 2(a·b) + 1, zimene ziyenera kukhala 2. Izi zingatheke pokhapokha a·b ili 0. N'chifukwa chake tinganene motsimikiza kuti palibe matirikisi ina yosunga utali kunja kwa gulu ili.

Chifukwa chake ngodya sisintha

Ngodya siifuna umboni wina wautali, chifukwa imatsatira utali. Tengani timitengo titatu tolunga ndipo mutilumikize nsonga ndi nsonga. Makona atatu amene mupange ndi amodzi okha, ndipo simungakulitse ngodya imodzi popanda kuthyola kapena kutalikitsa kamtengo. N'chifukwa chake denga la nyumba limamangidwa ndi mathirasi a makona atatu. Mavekita awiri alionse, u ndi v, pamodzi ndi muvi wolumikiza nsonga zawo, amapanga makona atatu. Muvi wolumikizawo ndi u - v, ndipo matirikisi imautumiza ku Qu - Qv, womwe ndi muvi wolumikiza nsonga zatsopano. Mbali zitatu zonse zasunga utali, choncho ngodya zilibe mpata wosinthira.

Amene amakonda manambala angaone zomwezi kudzera mu doti. Kosaini ya ngodya ya pakati pa mavekita awiri ndi doti yawo yogawidwa ndi mautali awo awiri atachulukitsidwa. Pa chitsanzo chathu, doti ya (5, 0) ndi (5, 5) ndi 25. Q itagwira ntchito, doti ya (3, 4) ndi (-1, 7) ndi -3 + 28, yomwenso ndi 25. Doti ndi yomweyo, mautali ndi omwewo, ndiye ngodya ikadali madigiri 45.

Mmene mabuku amalembera

M'mabuku lamuloli limalembedwa mwachidule chonchi:

```
QᵀQ = I
```

Chilembo Qᵀ ndi thiransipozi ya Q, kutanthauza matirikisi yomweyo mizati yake itagonekedwa kukhala mizere. I ndi matirikisi yosasintha kanthu, yokhala ndi ma 1 pa mzere wodutsa chopendekeka kuchokera pamwamba kumanzere, ndi ma 0 pena paliponse. Mukachulukitsa Qᵀ ndi Q, nambala iliyonse yotuluka ndi doti ya mzati wina ndi mzati wina. Ma 1 aja akunena kuti mzati uliwonse ndi wotalika 1, ndipo ma 0 akunena kuti mizati yosiyana ikukumana pa sikweya. Ndi mayeso athu awiri omwe aja, atalembedwa mu mzere umodzi.

Mzerewu uli ndi phindu lalikulu. Kuti ubweze zimene matirikisi yachita, umafunika invesi yake, ndipo kuipeza pa matirikisi yaikulu ndi ntchito ya thukuta. Pa matirikisi ya othogonali, invesi ndi thiransipozi basi. Yesani: thiransipozi ya Q ili ndi mizere (0.6, 0.8) ndi (-0.8, 0.6). Mukaichulukitsa ndi (-1, 7), mzere woyamba ukupereka -0.6 + 5.6, zomwe ndi 5, ndipo wachiwiri ukupereka 0.8 + 4.2, zomwenso ndi 5. Tabwerera pa (5, 5) popanda kugawa kulikonse. Chotsatira china n'chakuti mizere ya matirikisi yotere nayonso imakhoza mayeso awiri aja, choncho mungayese mizati kapena mizere, kumene manambala akuoneka osavuta.

Misampha inayi

Msampha woyamba ndi kuyesa sikweya yokha n'kuiwala utali. Dzina la othogonali limanena za sikweya basi, ndipo ophunzira ambiri amaimira pomwepo. Matirikisi ya mizati (2, 0) ndi (0, 3) ili ndi doti ya 0, koma imatumiza (1, 1) ku (2, 3), ndipo muvi umene unali pa madigiri 45 tsopano uli pa madigiri pafupifupi 56. Gudumu lasanduka dzira. Ya mizati (1, 1) ndi (-1, 1) ndi yonyenga kwambiri, chifukwa mizati yake ndi yofanana utali ndipo ngodya zonse imazisunga, koma mzati uliwonse ndi wotalika pafupifupi 1.41, motero chinthu chilichonse chimakula. Mankhwala ake ndi kugawa mzati uliwonse ndi utali wake.

Msampha wachiwiri ndi kuyesa utali wokha. Mizati (1, 0) ndi (0.6, 0.8) yonse ndi yotalika 1, koma doti yake ndi 0.6. Vekita (1, 1) ikupita ku (1.6, 0.8), ndipo 2.56 + 0.64 ndi 3.2 m'malo mwa 2. Kusiyana kwa 1.2 kumeneko ndi chigawo chapakati chija, 2 × 0.6, chimene chakana kufafanizika.

Msampha wachitatu ndi kudalira ditaminanti. N'zoona kuti ditaminanti ya matirikisi ya othogonali nthawi zonse ndi 1 kapena -1, koma si matirikisi iliyonse ya ditaminanti 1 imene ili ya othogonali. Ya mizati (1, 0) ndi (1, 1) ili ndi ditaminanti 1, komabe imapendeketsa bokosi la makona anayi, ndipo mbali imene inali yotalika 1 imakhala 1.41. Ditaminanti imayeza kukula kwa malo onse amene chinthu chatenga, ndipo malo angakhale omwewo chinthu chitapotoka. Ingakuthandizeni kukana matirikisi msanga, koma singaivomereze.

Msampha wachinayi ndi kuganiza kuti matirikisi ya othogonali imangozungulitsa. Sinthani chizindikiro cha mzati wachiwiri wa Q kuti ukhale (0.8, -0.6). Mayeso onse awiri ikukhozabe, koma ditaminanti tsopano ndi -0.36 - 0.64, yomwe ndi -1. Matirikisi iyi ikutembenuza chinthu monga chimaonekera pa galasi. Mautali ndi ngodya zili bwino, koma dzanja lamanja lasanduka lamanzere ndipo zilembo zikuwerengeka chobwerera. Apa ndiye pamene ditaminanti imagwira ntchito yoyenera: mizati itakhoza kale mayeso, 1 akusonyeza kuzungulitsa kwenikweni, ndipo -1 akusonyeza kuti galasi lalowapo.

Mizati itatu

Zinthu zenizeni zili ndi mulitali, mulifupi ndi msinkhu, choncho zimafuna matirikisi ya mizati itatu. Mayeso sasintha, amangochuluka: mautali atatu ndi madoti atatu. Taonani iyi:

```
P = (1/3) × | 1   2   2 |
            | 2   1  -2 |
            | 2  -2   1 |
```

Ndi bwino kuyamba mwaiika pambali 1/3. Mzati uliwonse ukupereka 1 + 4 + 4, zomwe ndi 9, choncho utali wake ndi 3, ndipo 1/3 ija ikuubweza pa 1. Doti ya mzati woyamba ndi wachiwiri ndi 2 + 2 - 4, ya woyamba ndi wachitatu ndi 2 - 4 + 2, ndipo ya wachiwiri ndi wachitatu ndi 4 - 2 - 2. Zonse ndi 0. Anthu ambiri amayesa woyamba ndi wachiwiri, wachiwiri ndi wachitatu, n'kuiwala woyamba ndi wachitatu, pamene mizati iwiri ingathe kukumana pa sikweya ndi wapakati koma yokhayokha n'kukhala yopendekerana. Poyesa, P ikutumiza (3, 6, 6) ku (9, 0, 0), ndipo utali wa zonse ziwiri ndi 9. Ditaminanti yake ndi -1, ndiye iyi ndi ya galasi. Zikanakhala kuti ndi 1, tikanadziwa kuti ikuzungulitsa zinthu pa mzere umodzi wosasuntha, monga Leonhard Euler anasonyezera m'zaka za m'ma 1770 kuti chinthu cholimba chikazungulira nsonga imodzi ili chiimire, nthawi zonse pamakhala mzere wotere.

Pamene manambala afupikitsidwa

Chifukwa chachikulu chimene akatswiri owerengera pa makompyuta amakondera mamatirikisiwa n'chakuti sakulitsa zolakwika. Muyeso uliwonse umakhala ndi kolakwika pang'ono, ndipo kolakwikako nakonso ndi vekita. Matirikisi wamba ingathe kukatalikitsa kakhumi kapena kazana, koma ya othogonali imakasiya pa msinkhu womwewo. N'chifukwa chake njira imene Alston Householder anafalitsa mu 1958, yogwiritsa ntchito mamatirikisi a galasi motsatizana, ikugwirabe ntchito m'mapulogalamu othetsa masamu akuluakulu. Zithunzi za JPEG nazonso zimadulidwa m'timabokosi ta madontho 8 mulitali ndi 8 mulifupi, n'kusinthidwa ndi matirikisi ya othogonali yopangidwa ndi makosaini. Zimene zimatayidwa pochepetsa chithunzi zimabwerera pa chithunzicho ndi kukula komweko, osati kowirikiza.

Koma chitetezo chimenechi chimagwira ngati mizati yakhozadi mayeso, osati kungoyandikira. Matirikisi yozungulitsa ndi madigiri 45 imafuna nambala 0.7071 ndi timanambala tina tosatha kumapeto kwake. Wina akaifupikitsa kukhala 0.71, mzati uliwonse ukupereka 0.5041 + 0.5041, zomwe ndi 1.0082, ndipo utali wake ndi pafupifupi 1.004. Ulendo umodzi diso silingaone kanthu. Koma chinthu chikazungulitsidwa ndi matirikisi imeneyi maulendo 100 motsatizana, chimakula ndi pafupifupi theka la msinkhu wake. Makompyuta amasunga manambala ambiri kuposa awiri, komabe vuto lomweli limadziunjika pang'onopang'ono m'makina amene amatsata kupendekeka kwa ndege kapena kwa roboti mosalekeza.

Chizindikiro chake chimaoneka mukawerengera QᵀQ: ma 1 ayamba kukhala 1.0082, kapena ma 0 asiya kukhala 0. Kukonza kwake kuli ndi njira yotchedwa Gram-Schmidt, ndipo tingaione pa mizati (1, 0) ndi (0.6, 0.8) ya msampha wachiwiri. Doti yawo ndi 0.6, kusonyeza kuti mzati wachiwiri wapendekera kwa woyamba ndi muyeso umenewo. Chotsani mzati woyamba maulendo 0.6 mu wachiwiri, ndipo mutsala ndi (0, 0.8), umene tsopano ukukumana ndi woyamba pa sikweya. Ugaweni ndi utali wake, 0.8, ndipo ukhala (0, 1). Pa mizati itatu, wachitatu umachotsedwa zimene wapendekera kwa woyamba ndi kwa wachiwiri, kenaka n'kugawidwa ndi utali wake. Wolemba pulogalamu yozungulitsa zinthu mobwerezabwereza ayenera kuchita zimenezi nthawi ndi nthawi, ndipo poyesa asafunse ngati doti ili 0 ndendende, koma ngati ili yochepera malire ang'onoang'ono amene iye wasankha malinga ndi ntchito yake.